Ka "if" komwe kamapunthwitsa ophunzira Chingerezi

Mlimi wa ku Dedza akati, "Mvula ikagwa, tidzala," mbewu ili m'manja, akungodikira mitambo. Koma akati, "Mvula ikadagwa, tikadadzala," ndiye kuti akudandaula. Nkhani yonse yatembenuka chifukwa cha -ka- ndi -kada-. Chingerezi chimachita zomwezi ndi mawu oti "if", kungoti chili ndi mitundu inayi ya ziganizo zotere, ndipo aneni a mbali zonse ziwiri amayenera kugwirizana.

Mitundu iwiri yoyambirira ndi yosavuta kwenikweni. Wa ziro umanena zochitika nthawi zonse, aneni onse ali m'nthawi yatsopano: "If you heat ice, it melts." Wotchedwa woyamba umanena zotheka mtsogolo: "If it rains tomorrow, we will plant." Msampha wake ndi umodzi. Poti Mchewa amati "ikadzagwa mawa", wophunzira amafuna kuikamo -dza- wake, n'kulemba "If it will rain". Ayi ndithu, apa "will" amakhala mbali ya zotsatira yokha.

Pomwe pagona nkhani ndi pa wachiwiri ndi wachitatu. "Ndikadakhala ndi ndalama, ndikadagula njinga" angayankhule munthu amene m'thumba mwake muli mbee lero, komanso amene akukumbukira za chaka chatha. Chichewa sichivutika nazo, koma Chingerezi chimazilekanitsa. Wa lero amati, "If I had money, I would buy a bicycle." Mneni "had" akuoneka ngati wakale, chikhalirecho akungosonyeza kuti ndi zolakalaka chabe. Wa chaka chatha, yemwe mwayi udamudutsa kale, amati, "If I had had money, I would have bought a bicycle." Inde, "had" kawiri, ndipo si kuphonya kwa wotayipa.

Nanga pa mayeso, mpata ukasiyidwa? Tiyerekeze funso ili: "If she ___ (leave) earlier, she would have caught the bus." Wophunzira wochenjera sathamangira mpatawo, amayamba wayang'ana mbali yodzaza kale. Mawu oti "would have caught" akumuuza kuti basi idapita, choncho yankho ndi "had left". Pakadakhala "would catch" akadalemba "left", pakadakhala "will catch" akadalemba "leaves". Amene walemba "would have left" wabwereza "would" mbali zonse ziwiri, ndipo malikisi apita. Enanso amapeza mtundu wolondola koma n'kugwa pa mneni wosatsata lamulo, monga kulemba "had went" m'malo mwa "had gone".

Njirayi ili ndi malire ake. Zakale zikakhala ndi zotsatira lero, mitundu imasakanikirana: "If she had left earlier, she would be in Lilongwe now." Apa chomwe chimatsogolera wophunzira ndi kamawu ka nthawi, "now", komwe kabisala kumapeto kwa chiganizo.