Msika wa m'kalasi: kuphunzira Chichewa pa mulu wa tomato

Alendo amene amabwera kudzagwira ntchito m'Malawi muno, monga a Peace Corps amene adayamba kufika mu 1963, sachedwa kuzindikira kuti Chichewa cha m'buku chimayesedwa pamsika. N'chifukwa chake aphunzitsi amakonda kusandutsa tebulo kukhala benchi yogulitsirapo malonda. Mphunzitsi amadzimangirira chitenje, amayala miyala ngati tomato, wophunzira n'kukhala wogula.

"Takulandirani, kasitomala. Mwaswera bwanji?"

"Ndili bwino. Ukugulitsa bwanji tomato?"

"Mulu ndi faifi handiredi. Mutenga ingati?"

"Ndipatse milu ziwiri ndi mazira zitatu."

"Nayi. Chinanso?"

"Ayi. Tsitsa mtengo."

Mphunzitsi wodziwa ntchito samudula pakamwa wophunzirayo. Amalemba zolakwa pakapepala mpaka malonda atatha, chifukwa munthu wodzudzulidwa pa chiganizo chilichonse amangoti kakasi, osayankhulanso.

Pokonza amayamba ndi ulemu, popeza ndiwo umapweteka kwambiri ukasowa. Funso lakuti "Mwaswera bwanji?" yankho lake ndi "Ndaswera bwino, kaya inu?" Wophunzira uja sadabweze moni, ndipo mayi wa pamsika wa Limbe kapena wa Zomba angaone ngati munthuyo ndi wamwano. Choipa choposa ndi "ukugulitsa", "ndipatse" ndi "tsitsa", mayankhulidwe oyenera mwana kapena mnzako wapamtima. Munthu wamkulu, ngakhale ali yekha, timamuuza kuti "Mukugulitsa bwanji, mayi?" ndiponso "Ndipatseni". Ka -ni kakumapetoko n'kakang'ono, koma kakasowa, wogulitsa amakwinya nkhope nthawi yomweyo.

Kenako amafika pa kuwerenga. Mlendo akangomva "nthochi ziwiri", amaika zi- paliponse. Komatu dzina lililonse limakoka mphatikiram'mbuyo wakewake: mulu umodzi, milu iwiri, dzira limodzi, mazira atatu. Mphunzitsi amanyamula miyala ija, n'kumafunsa kuti "Milu ingati? Mazira angati?" Yankho lili kale m'funsomo, pakuti ingati imaitana iwiri, angati imaitana atatu. Wophunzira akagwira zimenezi, khutu lake limayamba kumuthandiza koposa tchati cha magulu a mayina.

Za ndalama sizivuta, chifukwa pamsika mitengo amaitchula m'manambala a Chingerezi.

Kunenerera nako kuli ndi njira yake. M'malo molamula, wogula amadandaula kaye kuti "Mwadulitsatu, mayi, tsitsaniko pang'ono." Akakana, amapempha kuti amuikireko basera, ndipo kawirikawiri tomato mmodzi amagwera m'jumbo.

Akatha kukonza, sewerolo limabwerezedwa pomwepo, koma katundu amasintha: tsopano ndi mitolo ya chinangwa kapena mbale ya usipa, kuti wophunzira asangoloweza mawu. Ngati muli ndi mlendo amene akuphunzira Chichewa, yeserani naye kunyumba kawiri, kenako mupite naye kumsika akagule yekha ndiwo za madzulo.