Ndalama za Galaja Zikalembedwa ngati za Mafuta

Kalaliki wa maakaunti luso lake limaoneka tsiku limene wapeza kuti ndalama inalembedwa malo olakwika. Tiyerekeze kuti kampani yonyamula katundu ya ku Limbe yalipira galaja K850,000 pa 14 Malichi chifukwa chokonza mabuleki ndi kilatchi ya lole. Ndalama yatuluka ku banki, makaniko walandira, palibe amene akudandaula. Koma polemba, kalaliki waika ndalamayo mu akaunti ya mafuta m'malo mwa akaunti yokonzetsa magalimoto. Ine ndikuti cholakwika chotere chisafufutidwe. Chikonzedwe polemba mzere watsopano mu jenolo, wakalewo n'kusiyidwa pomwe uli.

Vutoli limabisala kwambiri. Mabuku amalembedwa mbali ziwiri, debiti ndi kirediti, ndipo pano mbali zonse zalandira K850,000, choncho pophatikiza masamu amagwirizana. Kuyerekeza mabuku ndi sitetimenti ya ku banki sikuulula kanthu, poti ndalamayo inatulukadi. Amene amaligwira ndi munthu wowerenga lipoti la mwezi mwachidwi. Iye amadabwa kuti mafuta, amene amadya pafupifupi K3,000,000 pa mwezi, afika K3,850,000 chonsecho maulendo sanachuluke, pamene akaunti yokonzetsa magalimoto ilibe kanthu ngakhale lole inagona ku galaja. Akatero amatsegula leja ya mafuta, n'kupeza dzina la galaja pakati pa mayina a malo omwetsera mafuta, kenako n'kuitanitsa invoisi ndi vocha yolipirira kuti atsimikize.

Kukonza kwake n'kwachidule. Akaunti yokonzetsa magalimoto ilandira debiti ya K850,000, ya mafuta ilandira kirediti ya K850,000, ndipo pansi pake palembedwa chifukwa, nambala ya vocha yoyamba ija ndi dzina la wovomereza. Akaunti ya banki siikhudzidwa. Apa ndi pamene ongoyamba ntchito amagwa: amalembanso malipirowo kachiwiri mu akaunti yoyenera osachotsa oyamba aja, mabuku n'kuonetsa kuti K1,700,000 yatuluka. Komanso asanalembe chilichonse, kalaliki ayang'ane kaye akaunti ya galajayo. Ngati invoisi inalowa kale m'mabuku monga ngongole, ndiye kuti ntchito yokonza lole inawerengedwa kale, ndipo malipiro aja anayenera kutseka ngongoleyo. Zikatero debiti ipite ku akaunti ya galaja, osati yokonzetsa magalimoto. Kupanda kutero ntchito imodzi iwerengedwa kawiri, galaja n'kumaonekabe ngati sinalipidwe, ndipo tsiku lina wina adzailipiranso.

Mwini kampani akhoza kufunsa kuti kuvutikiranji, popeza mafuta ndi kukonzetsa galimoto zonse ndi ndalama zogwiritsa ntchito, ndipo phindu la mwezi silisintha. Pa phindu akunena zoona, bola ngati invoisi sinalowe kale. Koma mabuku salembedwera phindu lokha. Bwana yemweyo amaika mtengo wa ulendo wa ku Lilongwe poyang'ana mafuta amene lole imamwa pa kilomita, ndipo nambala yofufuma imupangitsa kukweza mtengo popanda chifukwa. Choopsa kwambiri n'chakuti mafuta akakwera mosadziwika bwino, woyamba kuganiziridwa ndi dalaivala, kuti mwina akupopa dizilo n'kumagulitsa m'njira. Munthu akhoza kuchotsedwa ntchito chifukwa cha nambala imene mnzake wa mu ofesi anaiika polakwika.

Ena amati pulogalamu ngati QuickBooks kapena Sage imalola kutsegula malipiro akale n'kungosintha akaunti, nanga jenolo ndi yachiyani? Ngati mwezi sunatsekedwe ndipo lipoti silinapite kwa aliyense, ambiri amachitadi zimenezo, ndipo sindikuwatsutsa kwenikweni. Koma lipoti la Malichi likafika kale m'manja mwa mabwana kapena a banki, kusintha mwakachetechete kumachititsa kuti pepala limene ali nalo lisiyane ndi zimene zili mu kompyuta, popanda wofotokoza. Oditala akabwera kumapeto kwa chaka sangasiyanitse kalaliki wokonza cholakwika ndi wobisa kuba, chifukwa onse awiri asintha nambala mofanana. Mzere wa mu jenolo wokhala ndi deti, chifukwa ndi siginecha ya akauntanti wamkulu umateteza kalaliki mwiniwake. Njirayi si yatsopano: buku la Luca Pacioli losindikizidwa ku Venice mu 1494 linaphunzitsa kale kukonza cholakwika polemba mzere wina wobweza woyambawo.

Chotsala ndi deti. Ngati Malichi anatsekedwa, kukonzako kulembedwa mu Epulo, ndipo mafuta a Epulo aoneka otsika ndi K850,000 pamene zokonzetsa magalimoto zioneka zokwera. Kalaliki alembe mawu ofotokoza zimenezi pa lipoti la Epulo, apo ayi bwana aganiza kuti madalaivala ayamba kusunga mafuta, n'kudula bajeti ya Meyi.