Uthenga umodzi sukwana aliyense

Wogulitsa magetsi a sola ali ndi mndandanda wa anthu amene anafunsapo mtengo. Akawatumizira onse uthenga umodzi pa WhatsApp, ambiri sayankha, poti mavuto awo ndi osiyana.

Awagawe potengera zimene iwo eni ananena. Wa golosale akudandaula kuti zakumwa zikutentha mufiliji magetsi akathima. Uyu auzidwe maola amene batire lingayendetse filijiyo. Mlimi wa fodya ndalama amazipeza akagulitsa ku okushoni, choncho kumukakamiza mu Januwale nkutaya nthawi. Alembedwe pambali, adzaimbiridwe msika ukatsegulidwa.

Magulu asachuluke. Ngati magulu awiri akulandira mawu ofanana, ndiye kuti ndi gulu limodzi, aphatikizidwe.