Webusaiti ikakana satifiketi yanu, yambani ndi kutseka bulawuza

Pali mawebusaiti ena amene safunsa pasiwedi. Mukangofika, bulawuza imatsegula kabokosi kokhala ndi mayina, n'kukuuzani kuti musankhe satifiketi yanu. Satifiketiyi ndi chitupa cha pakompyuta: pamakhala dzina lanu, dzina la bungwe limene linaipereka, tsiku loyamba kugwira ntchito ndi tsiku lothera. Imayenda limodzi ndi kiyi wachinsinsi amene amakhala m'kompyuta mwanu kapena pa khadi. Seva ya webusaiti imachita ngati mlonda wa pageti, amene amayang'ana chitupa munthu asanaponde m'bwalo. N'chifukwa chake zikavuta simuona tsamba lofotokoza bwino, koma mawu ouma a bulawuza.

Ku Spain anthu ambiri amalowa pa webusaiti ya bungwe lotolera misonkho la Agencia Tributaria pogwiritsa ntchito satifiketi yochokera ku FNMT. Ya munthu payekha imagwira ntchito zaka 4, pomwe ya woimira kampani imagwira zaka 2. Tiyerekeze mayi wina wowerengera ndalama amene ali ndi zonse ziwiri m'kompyuta imodzi, ndipo zonse zili ndi dzina lake. Akufuna kuona za msonkho wa kampani, koma pofulumira wadina satifiketi yake ya payekha. Webusaiti imulowetsa ndithu, poti chitupacho n'chabwino, koma imuonetsa zake zokha kapena imuuza kuti alibe chilolezo. Akadasankha satifiketi imene sevayo siivomereza n'komwe, Chrome ikadalemba `ERR_BAD_SSL_CLIENT_AUTH_CERT` basi.

Apa ndi pamene ambiri amataya m'mawa wonse. Mayiyo atsegulanso tsambalo, koma kabokosi kosankhira kaja sikabweranso. Bulawuza yasunga chisankho choyamba ndipo ikungotumiza satifiketi yomwe ija mwakachetechete. Ngakhale adine batani lobwereza kangati, yankho likhala lomwelo. Mankhwala ake ndi kutseka mawindo onse a Chrome, osati tsamba limodzi lokha, kenako n'kuitsegulanso. Kulemba `chrome://restart` pamalo a adiresi kumachitanso chimodzimodzi. Firefox ndiye imatha kusunga chisankhocho ngakhale mutaitseka, ngati munasiya chizindikiro pa mawu oti ikumbukire. Zikatero pitani pa `View Certificates`, mutsegule `Authentication Decisions`, mufufute mzere wa webusaitiyo. Kabokosi kakabweranso, musangoona dzina lanu lokha. Tsegulani satifiketiyo muone amene anaipereka ndi masiku ake musanadine.

Satifiketi yotha ntchito imaonekera mwa njira ina. Chrome siionetsa pa mndandanda, choncho ngati munali ndi imodzi yokha, kabokosi sikatuluka ndipo seva silandira chilichonse. Munthu amaganiza kuti satifiketi yake yafufutika, chikhalirecho ili pompo, yangotha masiku. Pa Windows n'kosavuta kutsimikiza: dinani batani la Windows limodzi ndi R, mulembe `certmgr.msc`, mulowe mu `Personal` kenako `Certificates`, muone tsiku lili pansi pa `Expiration Date`. Nthawi zina seva imanena yokha vutolo. Pa maseva a Microsoft IIS, nambala `403.17` imatanthauza satifiketi yotha kapena yosayamba kugwira ntchito, pomwe `403.7` imatanthauza kuti sevayo sinalandire satifiketi iliyonse.

Musanadandaule, yang'ananinso wotchi ya kompyuta. Kabatire ka m'kati kakatha mphamvu, tsiku limabwerera zaka zingapo m'mbuyo, ndipo satifiketi yabwinobwino imaoneka ngati sinayambe kugwira ntchito. Koma ngati tsiku lili lolondola ndipo satifiketi yathadi, kubweza wotchi m'mbuyo sikuthandiza, chifukwa seva imayendera wotchi yake.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti vuto la kutha kwa masikuli limapeweka mosavuta, koma anthu amalizindikira pa tsiku lomaliza kupereka mafomu. FNMT imalola munthu kukonzanso satifiketi yake m'masiku 60 isanathe. Ikangotha, palibenso zokonzanso: ayenera kupempha yatsopano ndi kutsimikizanso kuti iye ndi ndani, ngati mmene anachitira poyamba. Yatsopanoyo ikabwera, musasiye ziwirizo zikusokonezani pa mndandanda. Sungani yakaleyo padera ngati fayilo ya `.pfx` yokhala ndi pasiwedi, makamaka ngati munkaigwiritsa ntchito potsegula makalata achinsinsi, kenako muichotse m'kompyuta. Fayilo yotere musaitumize kwa munthu wina aliyense, ngakhale atanena kuti akufuna kukuthandizani, pakuti kiyi wanu ali momwemo.

Ngati ntchito yanu imadalira satifiketi, itseguleni lero lomwe, muone tsiku lake lothera, mulilembe pa kalendala kutatsala miyezi iwiri.