Kapasita Sadzaza Nthawi Imodzi

Mukazimitsa wailesi kapena kuzula tchaja pakhoma, kagetsi kake nthawi zina kamayakabe pang'ono, kenako kamafooka mpaka kuzima. Chimachititsa zimenezi ndi kapasita, kachipangizo kosunga magetsi, pamodzi ndi rezisita, yomwe ntchito yake ndi kuchepetsa kuyenda kwa magetsi. Ziwirizi zikalumikizidwa, mphamvu ya magetsi pa kapasita sidumpha ayi, ngakhale mutayatsa swichi mwadzidzidzi chotani. Imakwera kapena kutsika pa liwiro loti mutha kuliwerengera musanagwire n'komwe waya.

Titenge batire la mavoliti 9, rezisita ya maomu 10,000 ndi kapasita ya mamaikulofaradi 1,000, tizilumikize motsatizana, kapasitayo ali wopanda kanthu. Pa mphindi imene swichi yatsekedwa, mavoliti onse 9 amagwera pa rezisita, ndipo magetsi amayenda kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse: mamiliampu 0.9. Koma kapasita akayamba kudzaza amayambanso kukankhana ndi batire. Akafika mavoliti 3, otsala okankha magetsi kudutsa mu rezisita ndi 6 okha. Akafika 6, otsala ndi 3. Zili ngati migolo iwiri yolumikizidwa ndi paipi kunsi, wina wodzaza, wina wopanda madzi: poyamba madzi amathamanga, koma akamayandikira kufanana amangoyenda mwaulesi.

Nanga liwirolo timaliyeza bwanji? Timachulukitsa maomu ndi mafaradi, yankho n'kutuluka m'masekondi. Akatswiri amalitcha tau, chilembo cha Chigiriki.

```
τ = R × C
v(t) = V × (1 − e^(−t/τ))
```

Mamaikulofaradi 1,000 ndi faradi 0.001, choncho tau wathu ndi 10,000 kuchulukitsa ndi 0.001, omwe ndi masekondi 10.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Tau si nthawi yoti kapasita adzaze. Ndi nthawi yoti ayende magawo 63 pa 100 a mtunda womwe watsala. Pakatha masekondi 10, mita yoyezera magetsi iwonetsa mavoliti 5.7. Otsala ndi 3.3, ndipo m'masekondi 10 otsatira kapasita amatenganso magawo 63 pa 100 a otsalawo, n'kufika 7.8. Pa masekondi 30 ali pafupi ndi 8.6. Taonani kuti m'masekondi 10 oyamba anakwera ndi 5.7, achiwiri ndi 2.1, achitatu osakwana n'limodzi lomwe. Pa masamu enieni, pa 9 safikapo mpaka kalekale, koma amisiri alibe nthawi yodikira zimenezo. Amangoti pakadutsa tau kasanu basi wadzaza, chifukwa amakhala atapyola magawo 99 pa 100. Kwa ifeyo ndi masekondi 50, mita ikuwonetsa 8.94.

Chodabwitsa n'chakuti batire alibe nawo gawo pa tau. Ikani la mavoliti 12, pa masekondi 10 omwewo mupeza 7.6, omwe ndi magawo 63 pa 100 a 12. Kukhuthula nako kumayenda chimodzimodzi. Chotsani batire, kapasita wodzaza mumulumikize ku rezisita yomweyo: pakatha masekondi 10 atsala ndi 3.3.

Mukayesa nokha ndi wotchi, musadabwe mukafika pa 5.7 patatha masekondi 9 kapena 12. Makapasita akuluakulu okhala ngati timigolo aja amaloledwa kusiyana ndi zolembedwa pathupi pawo, kawirikawiri mpaka magawo 20 pa 100. N'chifukwa chake palibe amene amapangira wotchi yodalirika pa iwo. Kapasita wokalamba, wouma m'kati, amadzaza msanga kuposa mmene masamu akunenera. Wotayikira amaima panjira, mwina pa mavoliti 7, osapitirira ngakhale mudikire tsiku lonse. Mita nayonso ikhoza kunamiza. Mamita ambiri a manambala ali ndi maomu pafupifupi 10 miliyoni m'kati mwawo, ndiye rezisita yanu ikakhalanso ya 10 miliyoni, awiriwa amagawana mavoliti pakati, mita n'kuima pa 4.5 pomwe kapasita alibe vuto lililonse.

Kwa okonza mawayilesi ndi makanema, tau ndi nkhani ya moyo. Magetsi a m'nyumba a mavoliti 230 akawongoledwa amadzaza kapasita wamkulu mpaka pafupifupi mavoliti 325. Tinene kuti ndi wa mamaikulofaradi 100 ndipo rezisita yomukhuthula ndi ya maomu 220,000. Tau ndi masekondi 22, kutanthauza kuti patatha masekondi 22 chizulireni pulagi, mukadali mavoliti pafupifupi 120. Rezisitayo ikakhala kuti inapsa, magetsiwo atha kukhalamo nthawi yaitali kwambiri. Musadalire kuwerenga masekondi. Yezani kaye ndi mita musanaikepo chala.