Kudzudzula wantchito pa imelo: mawu olimba, opanda chipongwe

Bwana akapsa mtima, zala zimathamanga kuposa nzeru. Amalemba kuti, "Ndatopa nanu, ndinu aulesi ndipo nthawi zonse mumachedwetsa ntchito," n'kutumiza. Wantchito akawerenga amangomva kunyozedwa, koma sadziwa choti akonze mawa m'mawa. Imelo yodzudzula ili ndi ntchito ziwiri: kumuuza munthu chenicheni chimene chalakwika, ndi kusunga umboni woti adauzidwa ndipo adapatsidwa mpata wosintha.

Tiyerekeze kuti ndinu woyang'anira nyumba yosungiramo feteleza, ndipo kalaliki wanu amayenera kupereka lipoti la katundu pofika pa 5 mwezi uliwonse. Kawiri kotsatizana lipotilo lachedwa, ndipo lachiwirilo linali ndi manambala olakwika. Musathamangire kulemba. Muitaneni kaye mukambirane awiriwiri, chifukwa mwina mapepala a katundu wotuluka amamufika mochedwa kuchokera kwa madalaivala. Imelo ibwere pambuyo pake, tsiku lomwelo kapena mawa lake, potsimikiza zimene mwakambirana. Ingalembedwe motere:

"Mutu: Lipoti la katundu la Marichi ndi Epulo

Bambo Uje,

Zikomo chifukwa cha zokambirana zathu za lero. Lipoti la katundu limayenera kundipeza pofika pa 5 mwezi uliwonse. Mu Marichi ndidalilandira pa 12, mu Epulo pa 14. Lipoti la Epulo lidasonyeza matumba 320 a feteleza, koma titawerenga tidapeza 290. Chifukwa cha zimenezi tidachedwa kuitanitsa katundu wina, ndipo alimi ena adabwerera chimanjamanja. Izi sizingapitirire.

Kuyambira mu Meyi, lipoti lizindipeza pofika pa 5, mutawerenga matumba pamodzi ndi mnzanu mmodzi ndipo nonse mutasainira. Mwanena kuti mapepala a madalaivala amachedwa; ndawauza kuti azikupatsani Lachisanu lililonse. Tidzakumananso pa 7 Juni kuti tione momwe zayendera. Ngati pali zimene ndalemba molakwika, kapena zimene mukufuna kuonjezera, mundiyankhe pofika Lachitatu."

Kulimba kwa imeloyi kwagona pa masiku ndi manambala. Mawu akuti "nthawi zonse" amagwa msanga, chifukwa munthu amangokumbutsa mwezi umodzi umene adapereka lipoti pa nthawi yake, basi mkangano wayamba. Koma pa 12 ndi pa 14 palibe chokanira. Onaninso kuti imeloyi ikunena za lipoti, osati za khalidwe la munthuyo. Ulesi ndi maganizo anu chabe, pomwe kusiyana kwa matumba 30 ndi chinthu chimene aliyense angawerenge. Ulemu nawo usapitirire mpaka kubisa uthenga. Mabwana ena, poopa kukhumudwitsa munthu wamkulu msinkhu, amazungulira ndi mawu oyamikira, ndipo wantchito amatseka imelo akuganiza kuti watamandidwa. Ulemu uli m'mawu akuti "Bambo" ndi "inu". Chiganizo chakuti "izi sizingapitirire" chikhalebe pomwepo.

Chilungamo chake chagona pa zinthu zitatu: bwana wachitapo mbali yake pa nkhani ya madalaivala, wapereka nthawi yokwanira kuti kusintha kuoneke, ndipo watsegula khomo loti wantchito ayankhe. Zimenezi si chifundo chabe. Lamulo la zantchito la Malawi la chaka cha 2000, m'ndime 57, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asachotsedwe pa nkhani ya kagwiridwe ka ntchito kapena khalidwe asanapatsidwe mwayi wonena mbali yake. Nkhani ikadzafika kubwalo la milandu ya apantchito, imelo yaukali ija idzatsutsa mwini wake, pomwe yodekhayi idzamuikira umboni.

Chenjeraninso ndi malo a Cc. Mukaikamo anzake onse a muofesi, mwamuyalutsa munthu pagulu, ndipo chimene adzakumbukire ndi manyaziwo, osati lipoti. Ngati malamulo a pakampani panu akufuna, ikanimo mkulu woona za antchito yekha. Musasakanizenso imelo yotere ndi kalata ya chenjezo. Chenjezo ndi chilango, ndipo lili ndi ndondomeko yake. Ngati simunafike pamenepo, musaopseze munthu ndi kumuchotsa ntchito.

Musanatumize, dzifunseni ngati mungathe kuwerenga imeloyo mokweza munthuyo atakhala patsogolo panu. Ngati pali chiganizo chimene mungachite nacho manyazi, chichotseni. Ndipo pa 7 Juni paja musaiwale kukumana naye. Akakhala kuti wasintha, mulembereninso kumuuza choncho. Akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma wantchito amakhulupirira zimenezi pokhapokha akaona kuti bwana amene adalemba zolakwa zake amalembanso zimene wakonza.