Buku loyambira ngati nkhani za nyengo zikukufooketsani

Mabuku ambiri onena za kusintha kwa nyengo amayambira kumadzi oundana akutali, n'kuthera pokuopsezani. Ine ndimati yambani ndi The Boy Who Harnessed the Wind, la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, lomwe linatuluka mu 2009. Nkhani yake ndi ya kwa Wimbe ku Kasungu, boma loyandikana nafe. Amalima chimanga ndi fodya ngati ife kuno kwa Kamwendo.

Bukuli silibisa kanthu. Njala ya 2001 mpaka 2002 ilimo yonse: gaga, mizere pa Adimaki, William kusiya sukulu posowa fizi. Koma taonani chomwe chinaibweretsa. Mvula inavuta, inde, komanso chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Mbali yachiwiriyi ndi ya anthu, ndipo imakonzeka.

Sayansi yake mutha kuitsata bwinobwino. Mphepo imakankha mapiko apulasitiki, mapikowo amazunguza wilo la njinga, wilolo n'kuzunguza dayinamo. Maginito akamazungulira pafupi ndi waya, magetsi amatuluka. Mphepo ikaleka babu limazima, n'chifukwa chake anadzawonjezera batire ya galimoto.

Chomwe simupezamo ndi momwe mpweya wa kaboni umatsekerera kutentha mumlengalenga. Zimenezo zili m'buku lanu la jogalafe, ndiye muziwerenga onse awiri.